Zimene mivi iwiri ya mageji a eyakoni imauza makanika

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa n'kuyamba kuswa mtengo mu Lusaka, m'magalaja okonza eyakoni mumadzaza magalimoto, ndipo pafupifupi mwini galimoto aliyense amafika atadziwa kale matenda ndi mankhwala ake omwe. Mawu ake amakhala amodzimodzi, m'chinyanja cha m'tauni: "Gasi yasila, ikaniko chabe." Makanika wodziwa ntchito sakangana naye. Amatsegula boneti, n'kutenga mageji ake awiri olumikizana, ina ya buluu ina yofiira, chifukwa mivi ya magejiwa ndi imene ingamuuze ngati gasi wachepadi kapena ngati vuto lili kwina. Koma mageji sayeza kuchuluka kwa gasi amene ali m'galimoto. Amayeza pulesha yokha, ndipo pulesha ya gasi wa eyakoni imatsatira kutentha, moti wowerenga mageji mosaganizira kutentha amawawerenga molakwa ngakhale maso ake ali bwino.

Titsate galimoto imodzi kuti nkhaniyi imveke. Ndi Toyota yaing'ono mwa zija zimabwera zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, ndipo mwini wake, mayi wa ku Chilenje amene amagwira ntchito m'tauni, akudandaula kuti m'mawa akamathamanga mumsewu wa Great East eyakoni imazizira ndithu, koma madzulo akaima pamndandanda wa magalimoto mumsewu wa Cairo imangotulutsa mpweya wofunda. Akuwonjezera kuti mwezi wapitawu munthu wina anawathirira kale gasi pamtengo wotsika, koma zinthu sizinasinthe, mwinanso zinaipirako.

Makanika akuimika galimotoyo pamthunzi, injini yozimitsa, n'kuisiya kuti izizire. Kenako akuchotsa tizivindikiro tiwiri pa mapaipi a eyakoni. Kamodzi kali ndi chilembo L ndipo kali pa paipi yonenepa, kena kali ndi chilembo H ndipo kali pa paipi yowonda. Geji ya buluu imapita pa L, mbali yotsika imene amakanika amangoti "lo", ndipo yofiira imapita pa H, mbali yokwera imene amati "hayi". Pa magalimoto a gasi wa R134a, amene analowa m'malo mwa R12 m'zaka za m'ma 1990, pakamwa pa L ndi pa H n'posiyana kukula dala, kuti munthu asasinthanitse. Mivi yonse iwiri ikukwera n'kuima pamalo ofanana, pafupifupi 105 psi, womwe ndi muyeso wa pulesha wolembedwa pa mageji, pamene themometa yopachikidwa pakhoma ikuonetsa madigiri 32.

Mayiwo akuyang'ana muviwo n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti gasi ndi wokwanira, bambo?" Makanika akuyankha kuti, "Ayi mayi, apa tangodziwa kuti gasi alimo, sitinadziwe kuti ndi wochuluka bwanji." Yankho limeneli ndi loona, ndipo chifukwa chake ndiye tsinde la nkhani yonse. M'mapaipi a eyakoni, gasi wina amakhala wamadzimadzi ndipo wina amakhala nthunzi. Paliponse pamene madzimadzi ndi nthunzi zili pamodzi m'chinthu chotseka, pulesha imakhazikika potengera kutentha kokha. Kwa R134a, pa madigiri 0 pulesha imakhala pafupifupi 28 psi, pa madigiri 15 imakhala pafupifupi 56, pa madigiri 30 imakhala pafupifupi 97, ndipo pa madigiri 60 imafika pafupifupi 229. Choncho galimoto imene ili ndi gasi wokwanira ndi ina imene yatsala ndi theka lokha, zikaima pamthunzi umodzi tsiku limodzi, zonse zionetsa pafupifupi 105 psi, bola m'kati mukhale mutatsala madzimadzi pang'ono. Galimoto yomweyi itayezedwa m'mamawa wa Julayi kukuzizira, muvi ukhoza kuima pansi pa 60 psi popanda ngakhale dontho limodzi lotayika.

Sikuti kuyeza injini ili yozimitsa n'kopanda ntchito. Muvi ukakhala pansi kwambiri poyerekeza ndi kutentha kwa tsikulo, mwachitsanzo 30 psi masana a Okutobala, ndiye kuti madzimadzi onse anatha ndipo mwangotsala nthunzi yochepa, zimene zikutanthauza kuti pena pake pakudontha. Pamenepo kompulesa, makina opopa gasi m'mapaipi, mwina siingayambe n'komwe, chifukwa pali swichi imene imaizimitsa pulesha ikatsika kwambiri. Pa Toyota zambiri malire ake ndi pafupifupi 28 psi. Muvi ukakhala pamwamba kwambiri pa galimoto imene yagona usiku wonse n'kuziziratu, makanika amakayikira kuti m'kati munalowa mpweya wamba kapena munathiridwa gasi wa mtundu wina. Gasi wa R22, wa eyakoni zakale za m'nyumba, pa madigiri 30 amaonetsa pafupifupi 158 psi, kotero chisakanizo choterocho sichibisika. Chenjezo lake n'lakuti injini yotentha imatenthetsa mapaipi onse a m'boneti n'kukweza muvi, ndiye chifukwa chake makanika uja anayamba wadikira.

Tsopano akuliza injini, ndipo sakungoyatsa eyakoni mwachisawawa. Akudina batani la A/C, akuika kuzizira pamapeto penipeni, fani ya m'kati paliwiro lalikulu, akulowetsa themometa pa kabowo ka pakati kotulukira mpweya, ndipo mnyamata womuthandiza akuponda mafuta kuti injini ikhazikike pa 1500, ndiko kuti izizungulira ka 1500 pa mphindi. Zimenezi n'zofunika chifukwa manambala a m'mabuku a opanga magalimoto anatengedwa mwa njira yomweyi. Mabuku a Toyota a magalimoto ambiri a R134a amanena kuti injini ikakhala pa 1500, mpweya wolowa uli pakati pa madigiri 30 ndi 35, mbali yotsika iyenera kukhala pakati pa 0.15 ndi 0.25 MPa, womwe ndi muyeso wina wa pulesha, ndipo yokwera pakati pa 1.37 ndi 1.57 MPa. Pa mageji a psi amene ali m'magalaja ambiri, imeneyi ndi pafupifupi 22 mpaka 36 kumbali yotsika, ndi 200 mpaka 228 kumbali yokwera.

Kuti timvetse chifukwa chake mivi imapatukana chonchi, tiyenera kutsata ulendo wa gasi mwachidule. Kompulesa imayamwa nthunzi kudzera m'paipi yonenepa n'kuipanikiza, ndipo nthunziyo imatuluka yotentha kupita ku kondensa, ija imakhala kutsogolo kwa lediyeta. Kumeneko mphepo imaiziziritsa mpaka isanduke madzimadzi. Madzimadziwo amadutsa mu dilaya, imene imagwira chinyezi ndi tizinyalala, n'kufika pa valavu yokhala ndi kabowo kakang'ono kwambiri. Akangodutsa pa kabowoka pulesha imagwa, ndipo amayamba kuwira m'kati mwa evaporeta imene ili kuseri kwa dashibodi, akumayamwa kutentha kwa mpweya wopita kwa okwera. Choncho mbali yokwera imayambira pa kompulesa kukafika pa valavu, ndipo yotsika imayambira pa valavu kubwerera ku kompulesa. Lamulo lija la pulesha ndi kutentha likugwirabe ntchito konsekonse kuwiri, chifukwa mu evaporeta ndi mu kondensa momwe muli madzimadzi ndi nthunzi pamodzi. Muvi wa buluu ukaloza 30 psi, ukunena kuti gasi akuwira pa digiri imodzi kapena awiri pamwamba pa 0, komwe ndi kuzizira koyenera, kosafika poundanitsa madzi pa evaporeta. Muvi wofiira ukaloza 215 psi, ukunena kuti gasi akusanduka madzimadzi pa madigiri pafupifupi 57, kutentha kokwanira kuti mphepo ya madigiri 32 ikhoze kumulanda kutenthako. Mageji ambiri amakhala ndi mzere wa madigiri m'kati mwa mzere wa pulesha, wolembedwa R134a, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri ogwira ntchitoyi sauyang'ana konse.

Pa galimoto ya mayi aja, patangopita mphindi zochepa, muvi wa buluu wakana kutsika kupyola 55 psi, wofiira wakwera mpaka 320 ndipo ukukwerabe pang'onopang'ono, pamene themometa ya pa kabowo ikuonetsa madigiri 21. Tikawamasulira m'madigiri manambalawa, evaporeta ikuwiritsa gasi pa madigiri pafupifupi 14, ndiye palibe njira imene mpweya ungatulukire wozizira bwino, ndipo kondensa yatentha kupitirira madigiri 70. Mivi yonse iwiri ili pamwamba. Chinthu chimodzi chatsimikizika pomwepo: gasi sanachepe, ndipo kompulesa ikupopa mwamphamvu, chifukwa kompulesa yotha siingakweze pulesha kufika pamenepo. Munthu akanangoyang'ana mpweya wofunda n'kuthira botolo lina, pulesha ikanakwera mpaka swichi ija n'kuzimitsa kompulesa, pakuti ili ndi malire a kumwamba omwe, amene pa Toyota zambiri ndi pafupifupi 455 psi.

Mivi yonse kukhala pamwamba kumaloza ku zinthu zingapo zimene mageji okha sangazilekanitse. Mwina kondensa siikuzizira, chifukwa fani yafooka kapena fumbi, udzu ndi tizilombo zatseka timipata take, zomwe sizachilendo pa galimoto yoyenda m'misewu yafumbi ya m'makomboni nyengo yachilimwe. Mwina gasi wachuluka, moti madzimadzi adzaza mbali yaikulu ya kondensa n'kuchepetsa malo oziziritsira nthunzi. Mwinanso munalowa mpweya wamba, umene susanduka madzimadzi ndipo umangodzaza malo. Apa makanika akutenga botolo la madzi n'kuwaza pa kondensa kudzera kutsogolo kwa galimoto. Asanamalize botololo muvi wofiira watsika kuchoka pa 320 kufika pafupifupi 210, wa buluu nawo watsika kufika cha m'ma 38, ndipo mayiwo ali m'galimoto akufuula kuti mpweya wayamba kuzizira. Madziwo ataphwa, mivi ikubwereranso kumwamba.

Kuwaza madzi kwaonetsa kuti kompulesa, valavu ndi evaporeta zikugwira ntchito, ndipo kuti kutentha kukukanika kuchoka pa kondensa. Zikugwirizananso ndi dandaulo la mayiwo, chifukwa galimoto ikamathamanga mphepo imadzikankha yokha kudutsa pa kondensa, koma ikaima zonse zimadalira fani. Makanika akuyang'ana faniyo ndipo ikuzungulira, koma mwaulesi, moti pepala limene waliika kutsogolo kwa kondensa silikukakamira, likungogwa. Atayeza akupeza kuti magetsi akufika okwanira pa pulagi, ndiye cholakwika ndi mota ya faniyo. Ndiyenera kunena pano kuti kuwaza madzi kuli ndi malire ake, chifukwa madzi amatsitsa pulesha pa galimoto iliyonse, ngakhale imene yadzazidwa gasi mopyola muyeso. Kumakuuza kumene vuto lili, koma sikukuuza kuti vutolo ndi limodzi lokha.

Ndi mmene zinakhaliradi. Mota ina itaikidwa, kondensa itatsukidwa, mayeso abwerezedwa mwa njira yomweija, ndipo tsopano wa buluu uli pa 45, wofiira pa 270, mpweya ukutuluka pa madigiri 13. Zasintha, ndipo mwini galimoto wosaleza mtima akanalipira n'kumapita, koma 270 psi pa tsiku la madigiri 32, fani ili yatsopano, ndi yokwerabe. Makanika akukumbukira gasi uja anathiridwa mwezi wapita. Njira yokhayo yodziwira kuchuluka kwa gasi ndi kumutulutsa yense n'kumuyeza pasikelo. Pansi pa boneti pali kapepala ka fakitale konena mtundu wa gasi ndi kulemera kwake, ndipo pa galimoto iyi palembedwa magalamu 450. Makina okokera gasi m'silinda atamaliza, sikelo ikuonetsa magalamu 640. Wothira uja anaona mpweya wofunda, sanayang'ane fani, mwina analumikiza geji ya buluu yokha monga ambiri amachitira, n'kuwonjezera gasi pa galimoto imene inali yodzaza kale. Pa galimoto yaing'ono imene muyeso wake wonse sufika theka la kilogalamu, magalamu 190 owonjezera ndi ochuluka zedi.

Mivi ikanatha kunena zina, ndipo ndi bwino kuona mmene makanika akanaganizira. Ikanakhala yonse pansi, tinene 15 kwa buluu ndi 110 kwa wofiira, ganizo loyamba likanakhala loti gasi wachepadi, ndipo ntchito ikanakhala yofufuza podontha: madontho a mafuta ogwira fumbi pa kondensa, polumikizira mapaipi kapena kutsogolo kwa kompulesa. Koma kutsekeka kwa njira kumaonetsanso chithunzi chofanana nacho, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, poganiza kuti potseka payenera kukweza mbali yokwera. Valavu kapena dilaya ikatsekeka, kompulesa imayamwa mbali yotsika mpaka muvi wa buluu kufika pa 0 kapena kulowa pansi pake, kenako imasowa choyamwa, gasi yense atasonkhana ngati madzimadzi mu kondensa n'kuzizira, ndipo muvi wofiira nawo umatsika. Chosiyanitsa ndi kuya kwa muvi wa buluu komanso dzanja la makanika. Paipi yowonda iyenera kukhala yofunda kuyambira ku kondensa mpaka ku valavu, ndiye akapeza malo amene kufundako kukuthera mwadzidzidzi, paipi n'kuyamba kuzizira kapena kuchita mame, potsekapo ndi pomwepo. Muvi wa buluu ukamagwa pansi pa 0, eyakoni n'kusiya kuzizira, kenako patapita mphindi zingapo zonse n'kubwerera mwakale, n'kudzayambiranso, chimenecho ndi chinyezi chimene chikuundana pa kabowo ka valavu n'kumasungunukanso, ndipo dilaya yake yatopa.

Chithunzi chimene eni magalimoto amachiopa ndi cha mivi yoyandikana, wa buluu uli pamwamba monga 70, wofiira uli pansi monga 130, ngakhale kilachi ya kompulesa yagwira ndipo lamba akuzungulira. Pamenepo kompulesa ikulephera kuyamwa ndi kupanikiza komwe, ndipo injini ikazimitsidwa mivi imakumana mwamsanga m'malo motenga kanthawi. Komabe makanika wanzeru safulumira kutumiza munthu kukagula kompulesa. Magalimoto ambiri atsopanoko ali ndi kompulesa yosintha mphamvu yake yokha, imene imachepetsa kapena kuwonjezera kupopa motsogoleredwa ndi kavalavu kamene kali pathupi pake, ndipo pa ena kavalavuko kamalamulidwa ndi kompyuta ya galimoto. Kavalavuka kakakakamira, kapena kompyuta ikapanda kukatumizira magetsi, mivi imaoneka ndendende ngati ya kompulesa yakufa pamene kompulesayo ili bwinobwino. Kompulesa za mtundu umenewu zimabisanso kuchepa kwa gasi, chifukwa zimayesetsa kusunga muvi wa buluu pamalo amodzi ngakhale gasi akuperewera, kotero pa magalimoto otere geji ya buluu yokha imanena zochepa kwambiri.

Tibwerere ku galimoto ija, imene tsopano ilibe gasi. Makanika akulumikiza paipi yachikasu, ya pakati pa mageji, ku pampu ya vakyumu, akutsegula mavalavu onse awiri a mageji, n'kuisiya ikoke kwa mphindi 30 kuti ichotse mpweya wamba ndi chinyezi. Pano pali kanthu kamene kamazunguza ophunzira ntchito a mu Lusaka. Geji ya buluu ili ndi manambala a pansi pa 0 ofika pa 30 inHg, muyeso woonetsa mmene mpweya wakokedwera kunja kwa mapaipi, ndipo mabuku amati muvi uyandikire 29 kapena 30, koma kuno muvi umaima cha pa 25 kapena 26 ngakhale pampu ili yatsopano. Pampuyo siinalakwe. Geji imayerekeza pulesha ya m'kati ndi ya mpweya wotizungulira, ndipo Lusaka ili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirako, ndiye ngakhale m'mapaipi mutatsala mopanda kanthu kalikonse, kusiyanako sikungafike pa 30. Chifukwa chomwecho chimakweza manambala ena onse ndi pafupifupi 2 psi poyerekeza ndi a m'mabuku, zomwe kumbali yokwera sizioneka n'komwe, koma kumbali yotsika zikufanana ndi digiri imodzi kapena kuposerapo pang'ono.

Pampu itazimitsidwa ndi mavalavu atatsekedwa, akudikira mphindi 10 akuyang'ana muvi wa buluu, ndipo sukusuntha. Ukanabwerera cha ku 0, ndiye kuti mpweya ukulowa pena pake ndipo kuthira gasi kukanakhala kutaya ndalama za mayiwo. Kenako akuika silinda pasikelo n'kulowetsa magalamu 450, osawonjezera. Injini ikamalira, valavu yofiira ya pa mageji imakhala yotseka nthawi zonse, chifukwa kuitsegula kumakankhira pulesha ya mbali yokwera m'botolo la gasi, ndipo kabotolo kakang'ono kangathe kuphulikira m'manja. Wavalanso magalasi, popeza R134a wamadzimadzi akatulukira panja amawira pa madigiri pafupifupi 26 pansi pa 0, ndipo dontho lake likagwera m'diso limaliwononga.

Injini ili pa 1500, muvi wa buluu wakhazikika pa 30, wofiira pa 215, paipi yonenepa yazizira n'kuyamba kuchita mame mpaka pafupi ndi kompulesa, yowonda ndi yofunda njira yonse, ndipo themometa ya pa kabowo yatsika kufika pa madigiri 7. Makanika akuuza mnyamata uja kuti asiye kuponda mafuta, ndipo akusiya injini ikulira yokha kwa mphindi 15 galimoto itaima padzuwa, monga mmene imaimira mumsewu wa Cairo madzulo. Muvi wofiira ukukwera pang'ono n'kuima pansi pa 240, fani ikuwomba mwamphamvu. Asanachotse mageji akulemba pa lisiti manambala onse, kuphatikizapo kutentha kwa tsikulo ndi magalamu amene walowetsa, n'kuuza mayiwo kuti, "Pepalali mulisunge m'galimoto, mayi. Wina akadzayeza mu Juni n'kupeza wofiira uli pa 150, musadzalole kuti athire gasi asanayang'ane kuti kunja kukuzizira bwanji."